Malo Aakulu Opanda Njira

Bambo awo atamwalira, Ilídio ndiye anagawa malo a banja kumapeto kwa Fíngoè, poti anali mwana wamkulu. Anayeza ndi mapazi. Pa gawo la mlongo wake Gracinda ankayenda timapazi ta nkhuku, koma pa lake ankatambasula miyendo mpaka buluku kulira. Gracinda anapatsidwa kamalo kamiyala kam'mphepete mwa msewu, kodya fumbi tsiku lonse. Ilídio anatenga chimalo chakumbuyo, chamango ndi mthunzi. Mlongo wake atadandaula, iye anadzala mpanda waminga pakati pawo, moni n'kuthera pomwepo. Popita kumsika ankazungulira kudzera m'khwawa, kuopa kuponda pakhomo pa mlongo wake.

Tsopano Ilídio mtima unali pa chigayo. Anali atauza kale bairo yonse, dera lawo lonselo, kuti mvula isanagwe anthu azidzagayitsa kwa iye, ndipo ndalama zochigulira zinali zoti azipeze pogulitsa theka la malo ake. Wogula anapezeka: Abílio, wamalonda wogulitsa mafosholo ndi simenti kwa okumba golide, yemwe ankafuna pomanga nyumba yosungiramo katundu.

Abílio anafika ndi fita yoyezera, thukuta lili kamukamu chifukwa cha khwawa lija. Ilídio anatchula mtengo wake mosaphethira.

"Mwatchula mtengo wa malo angati, bambo?" anafunsa Abílio.

"Taonani kukula kwake! Mbuzi ikathawira uko mumaipeza mawa."

Abílio anayeza m'litali ndi m'lifupi, n'kuvomera kuti malowo ndi aakuludi. "Koma mukudziwa, dothi ndi la boma. Papepala timalemba mango anuwa ndi chitsimechi. Chimene ndikulipira kwenikweni n'chakuti malowa ali pati. Magetsi ali kuti?"

"Pamsewu."

"Ndiye mapolo obweretsera waya kuno ndigule ndine. Mjigo?"

"Pamsewu pomwepo. Koma chitsime ichi."

"Chimauma mwezi uti?"

Ilídio anakhosomola, n'kuyang'ana mango.

"Nanga kamiyawu, galimoto yanga ya simenti, ilowera pati? Kapena matumba azibwera pamutu kudzera m'khwawa?"

Mtengo umene Abílio anatchula sukanagula ngakhale lamba wa chigayo pamodzi ndi injini yake yakufa. Ilídio zinamuwawa kwambiri. Choipa n'chakuti wamalondayo analoza kutsidya kwa mpanda. "Kamalo ako ndi komwe ndinkafuna. Msewu pakhomo, polo ya magetsi pakona, mjigo apo, mabaraka atsopano ogulitsiramo zinthu mbali zonse. Kangachepe, koma kamaposa anu onsewa. Mwini wake anandikaniza. Mayi amenewo akalola njira yoti galimoto idutse m'mbali mwawo, n'kulembetsa kwa sekeretariyo wa bairo, tikambirana mtengo wanu uja."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake Ilídio anavala malaya a kutchalitchi, n'kuzungulira khwawa lonse kuti akafike pakhomo lomwe lili kuseri kwa mpanda wake. Anapeza Gracinda akugulitsa tiyi kwa okumba golide pabaraka yake.

"Mwadzuka bwanji, mlongo?"

Gracinda anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake. "Mukupereka moni kwa ndani, bambo inu? Mwasochera?"

Omwa tiyi anaseka. Ilídio anameza malovu n'kufotokoza za njira, mawu akutuluka amodziamodzi.

"Njira yokula bwanji?"

"Yoti kamiyawu idutse basi."

"Tiyeza ndi mapazi ati, achimwene? Anu aja kapena anga?"

Apa ndiye anthu anatayira tiyi pansi ndi kuseka. Ilídio anaima njo, chipewa m'manja. Kenaka ananena chimene chinali chisanatulukepo pakamwa pake: "Ndinakubera, mlongo. Ndinayeza mokondera."

"Munandibera n'kundipatsa msewu, magetsi ndi mjigo. Wakuba wotere azibwera kawirikawiri." Gracinda anapukuta manja pansalu. "Ndipo njira yanuyo ikadutsa, malo anga akhala apakona, mtengo ukweranso. Bwerani muone."

Anamutengera kumbali kwa baraka. Kuchokera pamsewu mpaka pa mpanda waminga panali mpata wotakata, wosesedwa bwino, wopanda khola, wopanda bafa, wopanda ngakhale phata la nthochi. Pamalo opanikiza chotero, pomwe aliyense akanamangapo chipinda cha lendi, mpatawo unangokhala.

"Unkasungira ndani?" anafunsa Ilídio.

"Ndinkati tsiku lina mudzadwala, galimoto ya chipatala idzasowa polowera. M'khwawa muja ndani akanakunyamulani, ndi kulemera kwanuko?"

Ilídio anayang'ana mpatawo, n'kuyang'ananso mpanda waminga womwe anadzala uja. Za chigayo anaziiwala kaye. Anavula malaya a kutchalitchi aja, n'kuwapachika pamsomali wa baraka.

"Ndibwereke chikwanje, mlongo."