Chitupa cha Barend Lotter

Barend Lotter analemba dzina lake pa kalembera wa 1951 ali mnyamata wa khungu loyera, tsitsi lowongoka, akugona panyumba ya alendo ya Azungu ku Salt River, m'dera la Cape. Wolemba wa boma anangomuyang'ana kamodzi n'kulemba kuti Mzungu. Tsiku lomwelo wolemba wina anafika kwa mayi ake ku Athlone, napeza mchemwali wake Sanna akuyanika zovala, khungu loderapo, tsitsi lopotana. Uyo analembedwa kuti Mkaladi. Mimba imodzi, zitupa ziwiri. Boma linati palibe cholakwika.

Ndi chitupa cha Uzungucho Barend anapeza ntchito ya ukondakitala wa sitima, ntchito imene Mkaladi sankaloledwa kuinunkhiza n'komwe. Anakwatira Hester, Mzungu weniweni, nabereka mwana wamkazi, Elsabe, nakhala m'nyumba ya ku Observatory, dera la Azungu okha. Sanna ankabwera Lachinayi lililonse, polowera kukhomo lakuseri, dengu la zochapa lili pamutu. Anthu oyandikana nawo ankadziwa kuti ndi mayi wochapa. Chitseko chikatsekedwa, ankakhala pampando wabwino, kumwa khofi, n'kumamunyoza mlongo wakeyo.

"Taonani bwana wathu, mimba ngati mtsamiro. Amene ndinkakusambitsa m'beseni ndine, iwe, usamandiyang'ane choncho."

Lamulo logawa anthu m'mitundu linali ndi kakhomo koipa. Munthu aliyense ankatha kupita ku boma, kusiya chikole cha marandi makumi awiri, n'kunena kuti uje si Mzungu, mumufufuze. Kriel, mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo, anakangana ndi Barend pa nkhani ya mpanda. Mpanda basi! Chaka cha 1964 chisanathe, Barend anaitanidwa ku bwalo loweruza mitundu ya anthu.

Sabata yonse asanapite, iye ndi Sanna anaphunzitsana kukhitchini. M'chinenero chawo muli mawu awiri oyandikana ngati mano. Mchemwali wamkulu amamutcha Ousus. Mayi wantchito, Azungu amamutcha Ousie. Barend ankati Ousie pamaso pa anthu, Ousus chitseko chikatsekedwa.

"Nena," anatero Sanna.

"Ousie."

"Mokweza, ngati ukundinyansidwa. Sunamvepo mkazi wa Kriel akuitana wantchito wake?"

"Ousie!"

"Eya. Ukaphonya, mutuwo ndikuphwanya ndi simbi."

M'chipinda cha bwalolo munakhala amuna atatu kuseri kwa tebulo lalitali, wapakati woweruza wa imvi, wa mawu ofatsa ngati m'busa. Anayamba wafotokoza lamulo. Mzungu ndi munthu wooneka poyera kuti ndi Mzungu ndipo anthu samutenga ngati Mkaladi, kapena amene anthu amamutenga ngati Mzungu ndipo saoneka poyera kuti si Mzungu. Barend anamvetsera mawuwo akuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Moyo wake wonse unali m'kati mwa chizungulirecho.

Anayamba ndi thupi. Anamuimiritsa pawindo, namutembenuza. Wina anagwira zala zake n'kuyang'anitsitsa kumizu ya zikhadabo ngati pali kuda. Anayang'ana mphuno, nkhama, kuseri kwa makutu. Kenaka kalaliki anatenga pensulo pa tebulo, nailowetsa m'tsitsi lake.

"Pukusani mutu, Bambo Lotter."

Bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, mkazi wake akuonerera, anapukusa mutu ngati bulu wothamangitsa ntchentche. Pensulo inagwa pansi. Ikanakodwa m'tsitsimo, bwenzi atalemba zina. Barend anamva manyazi poona kuti mtima wake wasangalala.

Kenaka mafunso. Amapemphera tchalitchi chiti? Amameta kwa yani? Amakonda ragibi kapena mpira wamiyendo? Anayankha ragibi, poti aliyense ankadziwa kuti mpira wamiyendo ndi wa Makaladi. Mayi ake anaikidwa manda ati? Anati iye anakulira kwa anthu ena, mayi ake sawadziwa. Ananena zimenezo ndi pakamwa pomwe mayiyo ankamudyetsera.

Mkulu wake wa kuntchito anachitira umboni kuti Lotter amadyera kukantini ya Azungu ndipo palibe anadandaulapo. Kriel anati iye anaona mayi wochapa uja, kudzera pa katani, akumwera khofi m'kapu ya m'nyumba, osati ya chitini. Kenaka bwalo linaitana Sanna.

Analowa atavala duku ndi epuloni, maso pansi.

"Bambo awa ukuwadziwa?" anafunsa woweruza.

"Ndi abwana anga, bwana. Ndimawachapira."

"Akuti umamwera m'kapu yawo."

"Ine, bwana? Adona akanandidula milomo. Abwana a Kriel maso awo ndi a kachasu, amaona makapu awiri pamene pali imodzi."

Mmodzi mwa atatuwo anaseka. Woweruza anagwedeza mutu, natseka cholembera chake. Barend anaona kuti zatheka. Nyumba, ntchito, sukulu ya Elsabe, zonse zinali kubwerera m'manja mwake.

"Ungapite," anatero woweruza.

Sanna anatembenuka. Anali ataima kuyambira m'mawa pakhonde, poti benchi ya pamenepo inali ya Azungu, ndipo miyendo yake inali yotupa kale ndi matenda a shuga. Phazi lake linaponda pensulo ija, imene palibe anaitola. Anagwa chagada, mutu n'kumenya ngodya ya tebulo.

"Ousus!"

Barend anali atagwada kale, mutu wa mchemwali wake uli pamiyendo pake, akupukuta magazi ndi tayi yake ya ku tchalitchi. "Ousus, ndiyang'aneni. Ousus!"

Sanna anatsegula maso, ndipo munalibe ululu m'masomo, munali ukali.

"Abwana atanthauza Ousie," anatero. "Lilime lawaterereka."

Woweruza anatsegulanso cholembera chija. "Katatu?" anafunsa mofatsa.

Amuna atatu aja sanachedwe kugwirizana. Munthu amene amatcha Mkaladi mchemwali wake, ananamanso za mayi ake, sangati anthu amamudziwa ngati Mzungu, anangowapusitsa. Chitupa chisinthidwe, alembedwe Mkaladi wa ku Cape. Ngati sakukhutira, ali ndi masiku makumi atatu okadandaula ku khoti lalikulu. Woweruza anawonjeza, ngati akumuchitira chifundo, kuti asamuke msanga ku Observatory, ndipo akumbuke kuti Mkaladi kugona ndi mkazi wachizungu ndi mlandu wa ndende.

Pamasitepe panja, Hester anaima patali pang'ono, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Bambo a Elsabe," anatero, osamuyang'ana, "mwana ndipita naye kwa achimwene ku Pretoria. Chitupa adzatenga akadzakwana zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kumeneko palibe akukudziwani. Ndidzati bambo ake anamwalira."

"Hester, tikadandaule kaye."

"Kuti dzina la mwana lituluke m'nyuzipepala? Mwamva nokha zimene mwakuwa muja."

Anatsika masitepewo, nalowera kumene kuli basi ya Azungu. Barend anafuna kumutsatira, koma Sanna anamugwira mkono, zala zake zikumubaya.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero, magazi akudontha kunsi kwa duku. "Ndalowera kuseri ngati galu. Maliro a amayi sunabwere, ine ndinati msiyeni, akusunga mwana. Lero ndakutcha bwana pamaso pa afisi aja. Ndipo iwe walephera kundisiya ndigone pansi kamphindi kamodzi?"

"Munkatuluka magazi, Ousus."

"Akanatuluka! Ndi magazi omwewo akuthamangitsira m'nyumba." Analavula pambali. "Tiye. Kwathu kuli matiresi akale a amayi, ukagonapo. Ndipo ku siteshoni usakalowere khomo lakutsogolo, anzako a dzulo angakumange."