Sajeni Ali pa Holide

Wailesi italengeza kuti tsiku lovota likhala holide, Anjelina anali kudula nsenjere kuseri kwa khola. Anamva mawu a wolengeza kuchokera pa khonde la oyandikana nawo, akuwerenga kalata ya boma: maofesi atseka, masukulu atseka, mabanki atseka, kupatula okhawo a ntchito zofunika kwambiri monga achipatala ndi apolisi. Anjelina analavula malovu pansi. Mawu oti holide ankamuwawa m'khutu kuyambira chaka chapitacho.

Chaka chimenecho Anjelina anali ndi ng'ombe. Osati ng'ombe wamba ayi, koma ya mkaka, yamawanga akuda ndi oyera, imene anaitcha Dona chifukwa inkakana madzi akagweramo kachitsotso. Anailandira ku gulu la alimi a mkaka la kwawo, kufupi ndi Ndunde, mwamuna wake atangomwalira. Lamulo la gululo aliyense amalidziwa: ng'ombe ndi ya gulu mpaka itabereka thole lalikazi loti upatsire mnzako. Ikaleka kutenga bere, komiti imakhala pansi.

Dona anabereka koyamba thole lalimuna, kenako n'kuyamba kuphonya, osatenga bere. Komiti inauza Anjelina kuti ikaphonyanso ulendo wotsatira, ailanda. Ndiye tangoganizani, ng'ombeyo inasankha tsiku lanji lofunira nkhunzi? Lolemba limene boma linalengeza mwadzidzidzi kuti likhale holide ya maliro a mkulu wina wa dziko. Dona anadzuka akulira, akukwera mitengo ya khola, osadya. Ng'ombe ikatero siidikira munthu: ukachedwa mpaka mawa, basi, udikire sabata zitatu.

Alimi a mkaka kumeneko saweta nkhunzi. Amaitana a Stanford a ku ofesi ya ziweto, amene amabwera pa njinga yamoto ndi mbewu ya nkhunzi yochokera m'thanki yozizira. Anjelina anaimba foni, osayankha. Anayenda wapansi mpaka pa msika, n'kuwapeza atakhala m'bala akuonera mwambo wa maliro pa kanema, botolo m'manja, makiyi a ofesi akulendewera pa lamba.

Anagwada pakhomo pa balayo, mayi wa mpingo, wa bungwe la amayi Achikatolika.

"Adokotala, chonde. Dona wafuna lero. Akaphonya andilanda."

A Stanford sanatembenuke n'komwe. "Amake Thokozile, dziko lonse likulira, inu mukuganiza za ng'ombe? Simunamve wailesi?"

"Ndamva, bambo. Koma makiyi muli nawo apo. Ofesi ili pafupi pompa."

"Kaiuzeni ng'ombe yanuyo kuti lero ndi holide."

Bala yonse inaseka. Anjelina kuseka kumeneko sanakuiwale, ndipo akanatha kukutchulirani mmodzimmodzi amene anatsegula pakamwa. Mwezi usanathe komiti inabwera n'kumasula Dona. Inati mayiyo ntchito yamukanika. Ndipo mwa anthu onse amene ankadikira ng'ombe m'gululo, inapita kwa yani? Kwa a Margret, akazi awo a Stanford! Dona anatuluka pakhomo ndi chingwe cha khonje chimene Anjelina anapota yekha, chokhala ndi kansalu kofiira pa mfundo. Pomupukuta misozi anamusiyira kathole kalimuna ka mlimi wina, kamene palibe ankakafuna, kowonda ngati galu wa m'chilimwe.

Anjelina anakadandaula ku ofesi ya ziweto. Ng'ombe sinabwerere, koma makiyi a chipinda cha thanki anawachotsa pa lamba wa a Stanford n'kuwapereka kwa a Aubrey osunga katundu. Kathole kaja Anjelina sanakagulitse. Anthu ankamuseka kuti akuwononga madeya pa chinthu chosakamidwa. Anakalera ndi mtima wowawa, ndipo kanakula ndi mtima womwewo. Tsopano inali nkhunzi yeniyeni ya khosi lonenepa, dzina lake Sajeni, yokhayo m'midzi yonse yozungulira.

Za Dona ankazimva osafunsa. Anatenga bere msangamsanga atangofika kwa a Margret, zimene zinamubaya Anjelina ngati minga. Koma anaberekanso lalimuna, n'kuyambanso kuphonya, m'manja mwa adokotala eni akewo. Komiti tsopano sinkanenanso kuti mlimi walephera. Inkati ng'ombeyo ndi chumba. Ikaphonya ulendo umodzi wokha ipita kwa a Rajabu ogulitsa nyama, ndipo banja la a Stanford libwerera kumapeto kwa mzere.

Tsiku lovota Anjelina analawirira kusukulu ya pulayimale, n'kubwerako ndi inki pa chala dzuwa lisanatenthe. Anali kusakaniza madeya pamene Sajeni anadzutsa mutu, n'kuyamba kufwenthera ndi kupalasa pansi. Kunjira kunamveka kulira kwa ng'ombe. Anjelina anaima chilili. Kulira kumeneko akanakuzindikira ngakhale pakati pa ng'ombe zana.

Anali a Stanford, wapansi, thukuta lili kamukamu, akukoka Dona. A Margret anali m'mbuyo ndi kamtengo.

"Odi, amake Thokozile!"

Anjelina anapukuta m'manja pa chitenje, pang'onopang'ono. Mumtima munkavina. Ambuye, ndiye mumamvadi mapemphero a amasiye! Anatulutsa mpando n'kuuika pamthunzi wa mango, mwaulemu wonse, n'kukhala pansi patali pang'ono.

"Takulandirani, adokotala. Mwadzuka bwanji? Nanga kunyumba? Mwavota kale?"

"Tadzuka, mayi, koma..."

"Mzere unali wautali, eti? Ine ndinalawirira. Ana ali bwanji, a Margret?"

Anawapatsa moni wautali ngati wa pa chinkhoswe, Dona akukoka chingwe, Sajeni akugunda mitengo ya khola. Mpaka a Stanford anadula okha.

"Amake Thokozile, ng'ombeyi yayamba usiku. Mbewu ili mu ofesi, koma makiyi ali ndi a Aubrey. Atangomva za holide ananyamuka dzulo masana kupita kwawo ku Phalombe, poti ndi kumene analembetsa kuvota. Abwera mawa madzulo. Akuluakulu onse mafoni ndi otseka."

"Ayi, zachisoni," anatero Anjelina. "Simungathyole chitseko?"

"Chitseko cha boma, tsiku la chisankho, apolisi ali ponseponse? Ntchito ingandithere pompo."

"Ndiye mwabwera kudzandiuza?"

A Stanford anayang'ana kukhola. Anavula chipewa. Bambo amene sanatembenuke mu bala uja anatsika pa mpando n'kunjuta.

"Tibwerekeni nkhunzi yanu. Kanthawi kochepa chabe. Chimene munganene tichita."

Anjelina anawayang'ana bwinobwino, kuyambira pa dazi mpaka ku nsapato zafumbi. Ankafuna kuti chithunzi chimenechi chimukhalire mpaka ukalamba. Anthu obwera kovota anayamba kuima kumpanda, ndipo pakati pawo anaonapo a Christopher, mmodzi wa oseka aja. Zinamukomera kwambiri.

"Adokotala," anatero mokweza kuti akumpanda amve, "simunamve wailesi?"

"Mayi..."

"Dziko lonse likuvota, inu mukuganiza za ng'ombe? Sajeni lero ali pa holide. Kaiuzeni ng'ombe yanuyo."

Kumpanda kunaphulika phwete. Wina anaomba m'manja. A Christopher anaseka kuposa onse, poti anthu otere saona kuti akuseka yani. A Stanford anangoti zyoli.

A Margret ndi amene anayandikira, n'kugwada pafupi ndi Anjelina, n'kulankhula motsitsa.

"Achemwali, bambowa anakulakwirani, ndikudziwa. Ine ndinawauza tsiku lomwelo. Koma si iwo amene apite kwa a Rajabu. Ndi Dona."

Apo n'kuti Dona atakoka chingwe mpaka kufika pamene Anjelina anakhala. Anamununkhiza paphewa, n'kumunyambita dzanja lija la madeya ndi lilime lake lokhakhala, monga ankachitira m'mawa uliwonse kale. Chingwe chinali chomwe chija, kansalu kofiira katangofwifwa. Chitseko cha khola chinali pompo, chomangidwa ndi kawaya kamodzi. Akanangotambasula dzanja.

Koma anaona a Stanford atadzutsa nkhope, m'maso muli chiyembekezo, ngati munthu amene wazolowera kuti zinthu zimamuyendera. Anakumbukira simenti yozizira ya pakhomo pa bala ija. Anakumbukira Thokozile akumwa tiyi wopanda mkaka, akufunsa kuti Dona abwera liti. Akatsegula, Dona atenga bere, mwina thole lalikazi, ng'ombe n'kukhala ya a Stanford mpaka kalekale. Ndiye iye, Anjelina, akhale amene wawamangira khola? Zosatheka!

Anachotsa dzanja lake pakamwa pa ng'ombeyo. Anadzuka, n'kutenga waya wina, n'kumanga chitseko cha khola kachiwiri, mfundo zolimba.

"Bwerani mawa," anatero. "Mawa ndi tsiku la ntchito."

Onse ankadziwa kuti mawa n'kutada. A Stanford anavala chipewa n'kukoka chingwe. Dona anakana kuyenda, mpaka a Margret anachita kumukwapula, akulira okha. Kulira kwa ng'ombeyo kunamveka mpaka kutsidya kwa dambo, Sajeni akuyankha. Anjelina anadya bwino tsiku limenelo, ndipo aliyense wodutsa anamufotokozera nkhaniyo kuyambira pachiyambi, osasiyako ngakhale za chipewa.

A Aubrey atabwerako anayesabe ndi mbewu ya m'thanki, koma Dona sanatenge. Patapita sabata zitatu anafunanso, ndipo komiti sinafune kumva zambiri. A Margret analeka kupereka moni kutchalitchi. A Stanford ankati akadutsa pa msika, anyamata a kabaza ankawakuwiza kuti, "Adokotala, lero holide?" Anjelina ankamva zonsezi ndipo ankati zawakwana.

Tsiku lina la msika anapita ku Ndunde kukagula mchere. Panali chigulu pa tebulo la a Rajabu, poti nyama yonona chotero siipezekapezeka. Anjelina anafuna kudutsa msanga, koma maso anamupereka. Kuseri kwa tebulo kunali chikopa chamawanga akuda ndi oyera, chopindidwa, ntchentche zili ng'waa. Pa msomali wa nsanamira panali chingwe cha khonje.

"Amake Thokozile!" anaitana a Rajabu akunola mpeni. "Bwerani, lero ndi lero. Ndikudulireni pati? Chiwindi chilipo."

Anjelina anayang'anitsitsa chingwecho, anthu akumukankha uku ndi uku. Kenako analoza pa nsanamira ndi chala chija, chimene inki inali isanatheretu m'mbali mwa chikhadabo.

"Nyama ayi," anatero. "Mundipatse chingwecho. Ndinapota ndine."