Thirayango Yachisanu ya a Chindamba

Sitiroko ndi matenda amwano, ndikukuuzani. A Edmund Chindamba inawagwetsa ali m'kalasi, choko chili m'manja, ana akuona. Atatuluka m'chipatala ku boma, mkono wamanja unali lende, mwendo ukukokeka pansi, ndipo lilime linali litalemera moti mawu ankatuluka ngati a munthu amene wadzaza mbatata yotentha m'kamwa. Munthu amene kale akakuwa ku Fomu 2 ankamveka mpaka kwa asodzi oyanika usipa ku gombe la Nkope, tsopano kuti apemphe madzi kwa akazi awo a Ruti amachita kuloza chikho.

Anakhala pakhomo dzinja lonse. Ntchito sanafune kuisiya, ndipo musati ndi za malipiro zokha ayi. Bambo aja sankadziwa china chilichonse pa dziko lino. Ukonde sankautha, khasu linkawatupitsa matuza. Chawo chinali masamu basi.

Ndiye ku ofesi ya maphunziro anati mphunzitsi wamkulu wa sekondale yawo yoyendera akawaonere akuphunzitsa kamodzi, kenaka anene ngati angapitirize kapena apume. Mphunzitsi wamkuluyo anali mayi Subira Jaffalie, amene a Chindamba anawaphunzitsa okha pa sukulu yomweyo ali kamtsikana kolongolola.

Phunziro a Chindamba analisankha okha, ndipo a Ruti sanadabwe atawaona akukoka chithabwa chawo kunsi kwa bedi. Chinali ngati thireyi yaikulu ya sikweya, ya milomo m'mbali, mbali iliyonse masentimita 70, pansi pake popaka penti yoyera. M'kati mwake munkalowa mathirayango anayi a matabwa, ofanana ndendende, opaka penti yobiriwira yotsala pa boti la mlamu wawo. Iliyonse inali ndi kona yowongoka ya madigiri 90, mbali yaifupi masentimita 30, inzake 40, ndipo yopendekeka ija, yaitali kuposa zonse, 50. Phunziro limeneli silifuna pakamwa kwenikweni, limafuna maso. N'chifukwa chake analisankha.

Koma munalinso thirayango yachisanu. Penti yake yomweyo, kona yake yowongoka bwinobwino, mbali yaifupi 30, koma inzake ija inaperewera, inali 35. Ana a zaka zonse ankaitcha Mlendo. A Chindamba akamaliza kuonetsa zonse, ankabisa imodzi mwa anayi aja n'kulowetsa Mlendo mwakabisira, nkhope ili gwa, n'kumapitiriza ngati palibe chachitika. Pamenepo ndiye kalasi inkaphulika. "Mwabera, sala! Imeneyo si yofanana ndi zinzake!" Phokoso limenelo ndi limene linkawauza kuti ana amvetsa. Mwana wongovomera sankamuwerengera, ankati ameneyo akungoyembekeza belu.

"Mlendoyo musiyeni kuno," anatero a Ruti m'mawa wa tsikulo, akuwamanga mabatani a malaya. "Ndi dzanja limodzi mukabisa bwanji? Mukangodzichititsa manyazi."

A Chindamba anapukusa mutu, n'kuilowetsa m'kati mwa jekete. Wakabaza anawanyamula, chithabwa atachimangirira kumsana ndi chitenje. Kunja kunali mwera, nyanja ili bii, mabwato onse ali pamtunda.

Atalowa m'kalasi ana anaimirira mwaulemu woposa muyezo, ulemu wa pamaliro. Palibe anakoka mpando, palibe anatsina mnzake. Mayi Jaffalie anakhala kumbuyo pafupi ndi windo. A Chindamba anaika chithabwa pansi pa simenti, anakhala pa kampando, nakodola ana kuti azungulire.

Ndi dzanja lamanzere anaika thirayango imodzi pa kona iliyonse ya chithabwa, kona yowongoka ikulowa mu kona inzake, mbali yaifupi ya iyi ikukumana ndi yaitaliko ya inzake. 30 ndi 40, mbali ya 70 inadzaza thothotho. Pakati panatsala malo oyera, sikweya yopendekeka ngati mpango woyala mokhota. Analemba ndi choko pa thirayango imodzi a, b, ndi c pa mbali yopendekeka. Zilembo zake zinali zokhotakhota ngati za mwana wa Sitandade 1, ndipo zinawapweteka mtima. Analoza poyera paja, nayang'ana ana.

Farida, mtsikana wa mpango wakuda amene anagwada kutsogolo, ndiye anayankha. Anati mbali zonse zinayi za poyerapo ndi c, chifukwa iliyonse ndi mbali yopendekeka ya thirayango. A Chindamba anagogoda pa kona ya poyerapo, kufunsa ngati ndi yowongokadi. Farida anaganiza pang'ono.

"Makona awiri akuthwa a thirayango imeneyi akaphatikizana amakwana 90. Apa akumana pa mzere wowongoka, womwe ndi 180. Ndiye chotsala pakatipo ndi 90. Ndi sikweya, sala, kukula kwake ndi c kuchulukitsa ndi c."

Mtima wa a Chindamba unadumpha. Anayamba kukankha matabwa aja. Awiri anawagundanitsa mbali zawo zopendekeka, napanga chitseko chaching'ono cha 30 kwa 40 pa kona ya kumtunda kumanzere. Awiri enawo anachita nawo chimodzimodzi pa kona ya kumunsi kumanja, ichi choimirira, chinacho chogona, nsonga zawo zikukhudzana. Sikweya yopendekeka ija inasowa. M'malo mwake panatsala masikweya awiri oyera pa makona awiri otsalawo, yaing'ono ya mbali a ndi yokulirapo ya mbali b.

"Chithabwa sichinasinthe, mathirayango ndi omwe aja," anatero Farida asanafunsidwe n'komwe. "Ndiye poyera pamene patsala m'pomwe paja, pangogawika pawiri."

Mnyamata wina dzina lake Sumani anawerengera m'mutu, nati 900 ndi 1600 zikwana 2500, ndipo 50 kuchulukitsa ndi 50 ndi 2500 yomweyo. A Chindamba anadzikoka mpaka pa bolodi nalemba a² + b² = c². Kumbuyo kuja mayi Jaffalie ankagwedeza mutu. A Chindamba akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino ili ina.

Koma ayi, munthu ndi chizolowezi chake. Anabwerera pa kampando, anasokoneza matabwa onse, nayesa kulowetsa imodzi kunsi kwa ntchafu. Dzanja lamanzere si lakuba. Thabwa linagwa, khwa! pa simenti, ndipo Mlendo anatuluka m'jekete aliyense akuona. Ana anayang'ana kumbali ngati munthu wamkulu wavulidwa nsalu ndi mphepo.

Anapitirizabe. Anaika atatu m'makona, Mlendo pa kona yachinayi. Mbali imodzi ya chithabwa sinadzaze, panatsala mpata woti zala zitatu n'kulowa. Poyera pakati paja panapotoka, wakhungu yemwe akanapapasa n'kudziwa kuti si sikweya. A Chindamba analemba c² pakati pomwepo ndi choko chofiira, nakakamiza lilime.

"Zo... zoona?"

"Zoona, sala," anayankha ana onse pamodzi, motsitsa mawu.

Anayang'ana Sumani. Sumani ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Anayang'ana Farida, nagogoda pa mpata paja, kuuonetsa dala, kuupempha. Maso a Farida anali pa mpatawo, anauona bwinobwino, milomo yake inagwedezeka. Kenaka anayang'ana mkono wolendewera uja ndi malovu amene anali pa ngodya ya pakamwa pa aphunzitsi ake, misozi inalengeza.

"Zili bwino, sala," anatero. "Mwakhoza."

Mwakhoza! Mwana kuuza mphunzitsi kuti wakhoza, ngati akulimbikitsa khanda loyamba kuyenda. A Chindamba anayang'ana ana aja mmodzimmodzi. Ana aja sanali opusa, anamvetsa zonse. Anangoganiza kuti matenda awasokoneza mutu, ndipo anagwirizana chamumtima kuti awaphimbe pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Anachita zimenezo chifukwa chowakonda, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri.

Belu litalira ana anatuluka mwakachetechete. Farida, podutsa, anawerama ngati akutola cholembera, nachotsa Mlendo, n'kubwezeretsa thabwa loyenera lija mwamsangamsanga kuti mayi Jaffalie asaone. Sikweya inakhalanso bwino.

Mayi Jaffalie anabwera kutsogolo akumwetulira kumwetulira kwa kuchipatala.

"Aphunzitsi, zayenda bwino kwambiri. Ndikanena ku boma kuti mupitirize. Palibe cholakwika chimene ndaona."

A Chindamba anawayang'ana nthawi yaitali. Anatola Mlendo pansi, namukweza m'mwamba pakati pa awiriwo. Mawu anavuta, anatuluka limodzilimodzi.

"Subira. Iwe... unakuwa."

Kumwetulira kuja kunazima. Ankakumbuka, angaiwale bwanji? Chaka chawo ndi iwo amene anakwera pa desiki n'kukuwa kuti aphunzitsi ndi akuba, mpaka mlonda anathamangira m'kalasi ndi chibonga, ndipo a Chindamba anaseka mpaka kutsokomola. Lero ataona Mlendo akutuluka m'jekete anadziwa chimene bambowa ankadikira. Akanatha kukuwa okha kuchokera pa windo paja. Koma nawonso anakayika, anati mwina mutu wasokonekeradi, nakhala chete.

"Ana amakukondani, aphunzitsi," anatero. "Pakapita nthawi azolowera."

A Chindamba anapukusa mutu. Masamu sankaphunzitsa kuti ana awakhulupirire, ankaphunzitsa kuti aziwagwira akanama. Tsopano mawa akadzalakwitsadi, dzanja likadzalemba 6 m'malo mwa 9, kalasi yonse idzakopera mwaulemu n'kupita nazo ku mayeso. Palibe mwana wa pa Nkope amene angatsutse munthu wodwala pamaso pa anthu, analeredwa bwino kwambiri.

Anasonkhanitsa matabwa onse asanu m'chithabwa, nachikankha ndi phazi mpaka chinagunda nsapato za mayi Jaffalie. Analoza Mlendo, kenaka analoza iwo.

"Muka... mukanene kuti ndipume."

Mayi Jaffalie anagwira pakamwa. Panja wakabaza uja anali akudikira pansi pa mtengo wa nimu, ndipo a Ruti anali naye, anabwera wapansi chifukwa mtima sunawakhale pakhomo. Ataona amuna awo akutuluka chimanjamanja, anatenga kwa wakabazayo chitenje chija chomangira chithabwa, nawafunditsa m'mapewa chifukwa mwera unali utakula.

"Anakuwa?" anafunsa a Ruti.

A Chindamba anapukusa mutu, nakweza mwendo wakufa uja ndi dzanja kuti akwere njinga.