Zigubu Ziwiri Zoyera

Nsalu zija zitatuluka m'makina, m'chipinda chochapira cha hotela yathu munangoti zii. Zinali nsalu makumi anayi zofiirira, zoyala pa matebulo a m'holo yaikulu, koma tsopano zinali mawangamawanga ngati khungu la munthu wa zikanga. Bulichi akagwera nsalu ya mtundu sabwerera. Ungatsukuluze mpaka manja kutupa, mtundu wapita basi.

Amene anali pa makinawo ndi a Chipewa. Dzinali tinawapatsa chifukwa savula chipewa ngakhale nthunzi itawira chotani. Agwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kupinda shiti ine ndisanakhale woyang'anira shifiti. Anali kale ndi makalata awiri a chenjezo, onse a kuchedwa, a nthawi imene akazi awo anali gone m'chipatala. Kwathu kuno kalata yachitatu imatanthauza geti.

A manijala anatsika masitepe, nakweza nsalu imodzi ndi zala ziwiri.

"Mayi, ndikufuna lipoti pofika mawa. Dzina, ndi mawu akuti kusasamala. Lipotilo likupita kwa eni hotela."

Atachoka, atsikana osita anandizinga.

"Anti, lembani kuti makina ndi amene anasokoneza."

"Makina amatsegula okha chigubu?" ndinawafunsa.

Ine bodza sindilemba, koma kumpereka munthu ngati mbuzi ya nsembe sindichitanso. Ndinalowa m'kachipinda kosungira mankhwala ndili ndi ukali. M'menemo munali chimdima, poti babu linapsa mwezi wathunthu wapitawo. Pansi panali zigubu ziwiri zoyera, msinkhu umodzi, zitsekerero zofanana. Kale sopo wamadzi ankabwera m'chigubu cha buluu, bulichi m'choyera. Sabata yatha tinasintha kogula, ndipo zonse zinabwera zoyera, kusiyana kwake kuli tizilembo ting'onoting'ono pambali.

Panalinso china chimene tonse timachidziwa koma sitichitchula. A Chipewa sawerenga. Zaka zonsezi akhala akudziwa mankhwala ndi mtundu wa chigubu, ndipo akapatsidwa pepala amati magalasi aiwala kunyumba. Fungo la bulichi nalo mphuno zathu zinalizolowera kalekale. Tsikulo anyamata oyeretsa anali atasuntha zigubu pokolopa, choncho a Chipewa anatunga pa chigubu chimene chinali pamalo a sopo.

Ndinalemba pa nthawi yopuma masana, nditakhala pa mtolo wa matawulo. Pepala loyamba linadzaza ukali wokhawokha, ndinalitukwana babu, ndinatukwana ogula zinthu, ndinang'amba. Lachiwiri linali lokometsera moti ngakhale ine sindinamve kuti chalakwika n'chiyani. Lachitatu linati:

"Bwana, Lachiwiri m'mawa nsalu 40 za m'holo zinachapidwa ndi bulichi m'malo mwa sopo wamadzi. Zasuluka ndipo sizingayalidwenso. Amene anathira mankhwala pa makina achiwiri ndi" (apa ndinalemba dzina lenileni la a Chipewa) "ndipo atangoona madzi akusintha mtundu anaimitsa makina n'kundiitana. Nsalu 25 zimene zinali pamzere zinapulumuka. Kuyambira sabata yatha zigubu za mankhwala awiriwa n'zofanana, zimakhala pamodzi, ndipo m'chipinda chosungiramo mulibe kuwala. Aliyense wa ife akanatha kusokoneza. Ndikupempha zinthu zitatu: tipake penti wofiira pa chigubu chilichonse cha bulichi chikangofika, bulichi akhale pa shelefu yakeyake, ndipo babu liikidwe. Za phwando la Loweruka, nsalu 25 zija pamodzi ndi zoyera za m'sitolo zikwanira matebulo onse tikaziyala mosinthanitsa."

Ndinajambulitsa pepalalo, lina n'kuwapatsa a Chipewa kuti asamve kwa anthu. Analipinda osaliyang'ana.

"Dzina langa lilimo?"

"Lilimo, bambo."

"Zikomo, mwana wanga. Ndinakuphunzitsa bwino."

Mawu amenewo anandibaya kuposa kutukwanidwa. Tsiku lonselo sanandiyankhulenso, ndipo atsikana osita ankangondiyang'ana cham'mbali ngati ndaba mafuta a mwana.

M'mawa mwake a manijala anawerenga lipoti ali chiimire, kenaka analiponya pa desiki.

"Kusasamala kuli pati apa?"

"Sindinakuone, bwana. Ndalemba zimene ndinaona."

"Nsalu makumi anayi zawonongeka, inu mukundiuza za penti? Kalembeninso."

"Sindilembanso."

Ndinali nditatopa nazo. Chaka chilichonse timachotsa munthu, vuto n'kutsala pompo likudikira wina.

"Mukuteteza mdala wanuyo," anatero.

"Ndikanamuteteza sindikanalemba dzina lake. Muwachotse lero, bwana, zigubu zija zikhalabe zoyera. Mawa adzakhala wina, mwinanso ine. Ngati mukufuna mawu akuti kusasamala, lembani nokha, musainire nokha."

Anakhala pansi n'kuwerenganso, ulendo uno pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Chinaima pa mawu akuti mulibe kuwala. Ndinaona maso awo akupita pa thireyi ya mapepala, pamene panali kapepala kanga kopempha babu, kachiwiri, ka deti la masabata atatu apitawo, kopanda siginecha yawo. Pansi pake ndikudziwa panali fomu yosinthira kogula mankhwala, imeneyo yosainidwa bwinobwino.

"Apa mwangoti mulibe kuwala," anatero motsitsa mawu. "Simunanene kuti munapempha babu."

"Eni hotela akandifunsa ndidzayankha zoona. Koma lipotili ndi lokonza zinthu, bwana. A Chipewa sindinawaloze chala. Inunso sindinakulozeni."

Kunena zoona, ndinaganiza kuti kalata ya chenjezo ikhala yanga. Nsagwada za a manijala zinkagwira ntchito ngati akutafuna chingamu. Kenaka anasolola kapepala ka babu n'kukasainira. Pansi pa lipoti langa analembapo mzere umodzi, n'kulitembenuza kuti ndione: "Ndavomereza zonse zitatu. Palibe chenjezo."

"Pakamwa panu mpolimba, mayi," anatero.

"Ndi bulichi, bwana. Amalimbitsa."

Sanaseke. Ndi zawo zimenezo.

Masana ndinapeza a Chipewa m'kachipinda ka mankhwala, babu latsopano likuwala, atagwira kachitini ka penti ndi bulashi. Anali atandifulatira.

"Mwana wanga wamkazi anandiwerengera pepala lanu dzulo," anatero. "Kawiri. Ndimadikira kuti afike pamene mwalemba za ine zija."

"Ziti, bambo?"

Anavula chipewa, koyamba chiwadziwireni, n'kupukuta thukuta pa dazi limene sindinkadziwa n'komwe kuti ali nalo. Anayang'ana zigubu ziwiri zija, kenaka ine. Ndinkayembekezera kumva za magalasi oiwalika kunyumba.

"Tandiwerengera, mwana wanga," anatero. "Bulichi ndi uti apa? Ndingapake cholakwika."

Ndinagwada, ndinawerenga, ndinawalozera cha kumanzere. Anachipaka chonse, kuyambira pa chitsekerero mpaka pansi.