Chitenje cha Wapampando

Tayesani kulota. Zitenje khumi ndi zisanu ndi zitatu zidagulidwa tsiku limodzi mu sitolo imodzi ku Chintheche, zonse zobiriwira, za maluwa achikasu. Patatha zaka zitatu, zonse zinali zitasuluka kupatulapo chimodzi, cha mayi Monica NyaMhone, wapampando wa banki m'khonde ya Tigwirizane ku Kande. Kodi chinsinsi cha chitenje chimenechi chinali chiyani?

Belita sankalidziwa yankho tsiku limene adapita kukayankhula ku gululo. Iye anali wa ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zinayi ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Kawiri konse adapempha kulowa mu Tigwirizane, kawiri konse adamubweza. Amayiwo ankati anthu a m'maloji ali ngati usipa, lero ali pano, mawa asamukira ku Usisya. Koma Belita ankafunitsitsa malowo, pakuti ankalakalaka kusunga mpaka adzagule makina osokera, ndipo ndalama yosunga yekha m'nyumba inkathera tomato. Tsopano mayi wina anali atatsatira mwamuna wake ku Mzuzu, malo amodzi adatseguka.

"Ubwere Lachitatu utiphunzitse kanthu," adatero NyaMhone. "Amayi akaona kuti uli ndi phindu, tidzakweza manja. Akapanda kuona, usadzandidandaule ine."

Lachitatulo masana Belita adafika pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa sukulu, atasenza beseni, chigubu cha madzi, sopo ndi chingwe. Amayi onse anali atavala yunifolomu yawo ya zitenje zija, koma ukawayang'ana ungaganize kuti ndi magulu asanu osiyana.

"Mwe uli mose?" adapereka moni m'Chitonga chimene adachiloweza m'njira.

Adamuyankha moseka. Amene adaseka kwambiri ndi Lucy NyaManda, wogulitsa nsomba, mayi wa pakamwa posatseka, yemwe ankafuna kuti malo otsekukawo apite kwa mlamu wake.

"Aphunzitsi afika!" adalengeza Lucy. "Ife tidabadwira m'madzi, koma lero munthu wa kumapiri atiphunzitsa kuchapa. Mawa abwera kudzatiphunzitsa kudya nsomba ya batala."

Belita adatula beseni pansi. Mawu amene adakonza usabata wonse adamuthawa, choncho adangopempha kuti aliyense avule chitenje chapamwambacho, achiyale pa udzu. Adayenda pamzerewo pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ndipo ataona nsaluzo mantha adachepa, chifukwa nsalu ankazidziwa kuposa anthu.

"Ichi mwini wake amachiyanika pa mchenga dzuwa lili paliwombo, maluwa kuyang'ana kumwamba," adatero. "Taonani, kumaso kwayera, kuseri kudakali kobiriwira. Dzuwa limadya utoto. Chovala cha mtundu muzichitembenuza, muyanike pachingwe pamthunzi podutsa mphepo. Chikauma muyanule, ndipo muchisite, kuti ngati ntchentche ya mphutsi yaikirapo mazira afe."

"Ndi changa!" adavomera mayi wina, akubisa nkhope.

"Ichi chimagonera m'madzi a sopo."

"Masiku awiri okha," adadziteteza mwini wake.

"Mayi anga, chitenje si chinangwa cha kondowole. Kuviika kwake ndi kanthawi kochepa, madzi ozizira, pachokha osasakaniza ndi zoyera."

Apa amayi adagwa nacho chiseko, ena akuombana m'manja. Belita adapitirira. China chinali ndi timadontho takuda ndi fungo la chuku, iye adati chidalongedwa mu jumbo chisanaumitsitse, ndipo kuno kunyanja, kumene mpweya umakhala wachinyontho, pulasitiki ndi mdani wa nsalu. China chinali ndi dzimbiri ndi kabowo pakona, chifukwa chimakolekedwa pa msomali. China chinali ndi zigamba zoyera ngati mapu, ntchito ya jiki. Atafika pa chitenje chopyapyala, chothothoka ulusi pakati, adachikweza kudzuwa, kuwala nkumadutsa.

"Ichi chidalakwanji? Chimamenyedwa pamwala ngati chidaba nkhuku."

"Chimenecho ncha Lucy!" adakuwa amayi atatu pamodzi.

Lucy adachitsomphola. "Ameneyu ngwamaula, si wochapa ayi," adang'ung'udza.

Kumapeto kwa mzere kunali chitenje cha NyaMhone. Belita adachinyamula ndi manja awiri. Chinali chakale ndithu, chofewa monga nsalu yochapidwa kambirimbiri, koma chobiriwira ngati masamba a chinangwa m'dzinja, maluwa ake owala, popanda banga. Mtima wake udadumpha ndi chimwemwe. Kodi pali njira ina yabwino yopezera manja a gulu kuposa kuyamikira wapampando?

"Amayi, zonse ndanenazi umboni wake ndi uwu. Ine ndingokhala pansi. Apampando atiuze okha momwe amachapira."

NyaMhone, amene pa msonkhano uliwonse ankayankhula mpaka mbuzi kubwerera kukhola, adangokhosomola.

"Aa, timangochapa basi," adatero.

"Mumachapa bwanji, ama?"

"Ndi madzi."

Lucy adanunkhiza kanthu. "Beseni ilipo, madzi alipo. Atisonyeze! Komanso ine chikhalire sindidawaonepo apampando kunyanja ndi mtolo wa zochapa."

Panalibe pothawira. NyaMhone adagwada pa beseni, nakhuthuliramo pafupifupi theka la paketi ya sopo waufa, thovu mpaka m'zigongono. Adaponyamo chitenje chosatembenuza, nachivundula, kenaka adayang'ana uku ndi uku, naona mwala wa maziko a kalasi. Adachikweza m'mwamba monga momwe amayi awo ankachitira, nkuchimenyetsa pamwalapo kuti phwa!

Belita adamva ngati amenya iyeyo.

"Ehee!" Lucy adaimirira, manja m'chiuno. "Mwaona? Sopo wambiri, mwala womwewo wa ine, koma chawo chikuwala. Ndiye wabodza ndani apa? Aphunzitsi atinamiza, kapena apampando ali ndi mankhwala?"

Amayi adayamba kunong'onezana. Belita adaona malo ake akupita kwa mlamu wa Lucy. Akati apampando akuchapa molakwika, ndiye kuti wanyoza munthu wotsogolera kukweza manja. Akati akuchapa bwino, ndiye kuti zonse wanena ndi nkhambakamwa. Adayang'ana NyaMhone, ndipo adaona chinthu chimene ena sadachione. Mayiwo ankayesa kufinya chitenjecho koma zala zawo, zotupa m'mfundo, zinkakana kugwira. Nkhope yawo inali ya munthu womva ululu amene sakufuna kuti anzake adziwe. Manja amenewo sakadatha kuchapa ngakhale mpango.

Belita adaomba m'manja katatu.

"Zikomo apampando, sewero mwalitha! Amayi, apampando achita dala zolakwika kuti aone ngati mumamvetsera. Ndani atchule cholakwa choyamba?"

Mayi woviika chitenje ngati chinangwa uja adakweza dzanja. "Sadatembenuze!"

"Mwala!" adakuwa wina.

"Sopo wachuluka!"

"Zoona," adatero Belita, akulanda beseni mwaulemu. "Sopo wochuluka satsukuluzika msanga, amatsalira mu nsalu nkuiumitsa gwa. Thirani wochepa, tikitani ndi manja pamene pali litsiro, tsukuluzani mpaka madzi ayere, ndipo pofinya musapotokole ngati mukupha nkhuku."

NyaMhone adadzuka, napukuta thovu, ndipo ulemerero wawo udabwerera msangamsanga. "Ndimafuna ndikuoneni ngati muli maso," adatero. "Iwe Lucy walephera."

"Nanga kunyumba chimachapidwira kuti, ama?" adafunsa Belita, akusankha mawu mosamala.

"Kuseri kwa nyumba, m'beseni. Mwamsangamsanga."

"Chotembenuza?"

"Nthawi zonse. Ngakhale ine mwini sindichizindikira chili pachingwe."

"Pamthunzi?"

"M'kati mwa mpanda wa bafa, pansi pa mkuyu. Chikangouma, chalowa kale m'sutikesi."

Mayankhowa ankatuluka mosakayika, ngati a munthu wonena zimene amaziona sabata iliyonse. Belita adamangirira chingwe ku nthambi, nayanika chitenjecho chotembenuza, ndipo adamaliza ndi za kasungidwe: kupinda zouma zokhazokha, kuchapa chovala musanachisunge chifukwa mphemvu zimatsata madontho a ndiwo, ndiponso kutulutsa za m'sutikesi kuti zipitidwe mphepo mvula ikakata.

Pokweza manja adakwera khumi ndi asanu ndi awiri. La Lucy lidakwera pomalizira, mpaka paphewa pokha, mwini wake akuti akungodzikanda.

Anthu akubalalika, NyaMhone adamukodola Belita. "Mwana wanga, ndinyamulire chonyowachi, undiperekeze."

Adayenda m'kanjira ka m'minda ya chinangwa. Pafupi ndi nyumba mayiwo adaima.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe, ama. Ndangoona zala zanu."

"Nyamakazi. Chaka chachinayi tsopano." Adapumira m'mwamba. "Wandivinikira, ndiye bwera uone. Koma pakamwa pako pakhale ngati sutikesi. Akamva anzawo a kudooko, adzati ndidawadyetsa khuzumule, ndipo sadzakweranso nawo bwato mwamtendere."

Adazungulira kuseri kwa nyumba mwakachetechete. M'kati mwa mpanda wa bafa munali bambo wamtali wa imvi, mapewa otambalala chifukwa cha nkhafi, atanjuta pa beseni. M'manja mwawo munali diresi lofiira, lotembenuzidwa kuti wosuzumira asadziwe kuti ndi la munthu wamkazi. Ankalitikita mofulumira, maso ali kumpata, potsatira kuti amayi onse oyandikana nawo ali ku msonkhano. Ataona mlendo adalimiza diresilo pansi pa thovu, nakhalira kutsogolo kwa beseni.

"Ndikuyesa ngati beseniyi ikudontha," adatero ndi mawu aakulu.

"Ikudontha, ada?" adafunsa Belita mwaulemu, atagwada pang'ono.

"Sindinatsimikize."

NyaMhone adawapatsira chitenje chonyowa chija. Bambowo adachitambasula, nachinunkhiza, nachiyang'anitsitsa pamene padagunda mwala, ndipo adaiwaliratu za mlendo.

"Monica! Wathira sopo yense uyu ndani? Ndipo ndani wachimenyetsa pamwala chitenje changa?"

Chitenje cha wapampando ankachapa ndi amuna awo, a Yotamu, msodzi wa usipa.