Kalata Yopita kwa Wamatabwa

Kalipentala anali atasiya kudutsa mumsewu wa kumatabwa. Popita kukagula misomali ankazungulira kuseri kwa depoti ya mabasi, n'kubwerako nsapato zili matope okhaokha, ati njira imeneyo ndi yachidule. Mkazi wake, amene ankasoka makushoni pakona ya shopu yomweyo, ankangomuyang'anira pamwamba pa magalasi, makina ali kulira.

Gwero lake linali hotelo ina yatsopano imene inaoda mipando ndi matebulo ambirimbiri. Kalipentala anatenga matabwa pangongole kwa wamatabwa, mnzake wakalekale amene anaphunzira naye kupala pabenchi imodzi ali anyamata. Mipando inapita, hotelo inatsekedwa isanamalize kulipira, mwini wake n'kuzimiririka. Ngongole ndiyo inatsala.

Tsiku lina masana kunabwera pepala. Linanena kuti ngongole ndi 960,000, ndipo ikapanda kulipidwa mwezi womwewo nkhaniyo ipita kwa loya. Pansi panali siginecha ya wamatabwa, popanda ngakhale moni.

"Munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi," anatero kalipentala, akupinda pepalalo. "Ndikamuona mawa."

"Mawa lanulo lakalamba, bambo a ana," anayankha mkazi wake. Anaimitsa makina, n'kusesa utuchi pabenchi ndi chikhatho. "Khalani apa. Timuyankha polemba."

"Kulemba ndiye kudzimangirira chingwe m'khosi. Akapita nayo kukhoti kalatayo, ndidzakana bwanji?"

"Mukufuna kudzakana? Matabwawo sanalowe muno?"

Kalipentala anakanda m'mutu. "Analowa."

"Ndiye tivomere, koma tivomere zoona zokhazokha. Bweretsani chitini cha malisiti chija."

Anayala malisiti onse pabenchi, n'kuwatsindira ndi hamala kuti asauluke. Mayiyo ankawerenga, bamboyo n'kumaphatikiza pafoni. Pakati pa mapepalawo anapeza kalisiti kamodzi kothimbirira ndi guluu: matabwa ofumbwa amene anabwezedwa, a 90,000, kosainidwa ndi wolandira katundu wa kumatabwako. Papepala la masanalo ndalamazo zinali zisanachotsedwe.

"Mwaona! Akufuna kundibera!"

"Waiwala chabe, ngati mmene inu munaiwalira njira ya kwawo. Ngongole yathu ndi 870,000. Lembani."

Kalipentala anasolola pensulo kukhutu. Analemba moni, anafunsa za ana, za mwendo wa wamatabwa umene unkatupa, n'kuyamba kukumbutsa za masiku awo a unyamata. Tsamba linatsala pang'ono kudzaza nambala isanaonekepo ngakhale imodzi. Mkazi wake anawerenga, n'kuseka mpaka kuvula magalasi.

"Ine pondifunsira simunalembe zokoma chonchi."

"Iwe unalibe loya."

Anatembenuza pepala n'kuyambiranso. Povuta panali pa ndalama yoti apereke ndi masiku ake. Kalipentala ankafuna kulonjeza zonse pakutha kwa mwezi, kuti aoneke mwamuna.

"Muzitenga kuti?" anafunsa mkaziyo. "Tsiku lililonse limene tilembe likhale ndi kochokera ndalama. Zitseko za dokotala uja alipira kumayambiriro kwa Juni. Madesiki a sukulu ndi Julaye. Za Ogasiti zichokera m'makushoni angawa."

"Za makushoni ndi zako, mayi. Unkasungira makina atsopano."

"Makina akalewa sanafe. Lembani, dzuwa likupita."

Atawerengera lendi, malipiro a magetsi ndi chakudya cha pakhomo, anaona kuti m'miyezi itatuyo angakwanitse 780,000 basi. Kalatayo inatuluka yaifupi:

"Ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole yanu ya matabwa ya 870,000. Iyi ndi 960,000 imene mwalemba, kuchotsapo 90,000 ya matabwa amene ndinabweza. Kope la lisiti lake ndaphatikiza. Ndikupempha kuti mulandire 780,000 monga malipiro otsekera ngongole yonseyi, motere: 300,000 pa 10 Juni, 240,000 pa 10 Julaye, ndi 240,000 pa 10 Ogasiti, kudzera ku akaunti yanu ya kubanki. Ndikamaliza, yotsalayo mukhululuke ndipo mundilembere kuti ngongole yatha. Ndikaphonya tsiku, 870,000 yonse idzakhala pa ine, kuchotsapo zimene ndidzakhale nditapereka. Ngati mwavomera, musaine makope onse awiri, ndipo nkhani ya loya iyambe yaima."

"Mawu a kuphonyawo achotsedwe," anadandaula kalipentala. "Akundiopsa."

"Ndi amene amupatse mtima wosaina. Asiyeni."

M'mawa mwake anakataipitsa kalatayo, kalipentala n'kusaina, ndipo anapita onse awiri. Wamatabwa anali mukaofesi kake kuseri kwa milu ya matabwa, mwendo atausanjika pakatoni. Sanaimirire. Analonjera mayiyo mwaulemu, "Mlamu, khalani apa," koma mnzakeyo anangomuloza mpando ndi chibwano.

Anawerenga kalatayo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atafika pa lisiti anatsegula buku lake, n'kuyendetsa chala mpaka pamene anaima.

"Apa ndalakwa ndine. Matabwawa anabweradi." Anatseka bukulo. "Koma iwe, ukudziwa kuti zenera ili limayang'ana kudepoti? Ndakhala ndikukuona ukudumpha zithaphwi ngati chule. Munthu wamkulu, wa imvi!"

Kalipentala anayang'ana pansi. "Manyazi, achimwene."

"Manyazi ndingapite nawo kwa ocheka matabwa? Nawonso akundikhalira pakhosi. Ndikawauza kuti ndili ndi mnzanga wokhulupirika, amandifunsa tsiku. Ine tsiku ndinalibe." Anagogoda kalatayo ndi chala. "Loya akanandidyera ndalama, n'kunditayitsanso mnzanga. Ndinalemba zija mtima ukundipweteka."

Anatenga cholembera, n'kuwerengera pakona ya nyuzipepala.

"Kukhululuka 90,000 inanso sindingathe. Phindu langa pa matabwa aja silifika pamenepo. Ndisiya 60,000. Mubweretse 810,000."

Kalipentala anatsegula pakamwa kuti avomere, koma mkazi wake anamuponda phazi.

"Yowonjezerayo ikhale pa gawo lomaliza, alamu," anatero mayiyo, "ndipo tsiku lake lisunthe lifike pa 25 Ogasiti. Pa 10 sitingaipeze, ndipo sitikufuna kukunamizani."

Wamatabwa anamwetulira koyamba. "Iwe, ukanamutuma mlamuyu poyamba pomwe." Anakonza manambalawo pamakope onse awiri, gawo lomaliza n'kukhala 270,000, ndipo amuna awiriwo anasaina pambali pa chilichonse chokonzedwa, kenako pansi. "China: kufikira mutamaliza, matabwa atsopano ndi a ndalama pamanja. Osakwiya."

"Sindikwiya."

"Ndiye tandifunse za mwendo wangawu, wamanyazi iwe."

Juni anadutsa bwino. Mu Julaye sukulu inachedwa kulipira, ndipo kutatsala masiku ochepa kalipentala anagulitsa kabati imene anapangira pabalaza pawo, mbale n'kubwerera m'katoni. Mkazi wake anang'ung'udza sabata yathunthu, koma ndi iye amene anapeza wogula. Gawo la Ogasiti analipira tsiku lisanakwane.

Wamatabwa anabwera yekha kushopu, akutsimphina, ndi kalata yonena kuti ngongole yonse yatha. Anaipereka kwa mayiyo, kenako anazungulira benchi, akusisita thabwa lopalidwa kumene.

"Mwana wanga wamkazi akuyembekezera," anatero. "Ndikufuna kabedi ka khanda. Kolimba, osati za hotelo zija. Zingati?"

Kalipentala anatchula mtengo.

"Ha! Matabwa ake ndi agolide? Ukugula kwa ndani?"

"Kwa wakuba wina wa mwendo wotupa."

Anakangana mpaka tiyi amene mayiyo anawathirira anazizira, ndipo anagwirizana pokhapokha mayiyo atalonjeza kuti kamatiresi adzasoka ulere.