Malaya a Injiniya

Atelala anagulitsa makina aakulu m'mawa, mng'ono wawo atapita kukagula ulusi ndi mazipi. Anali makina amagetsi, aja osoka ngakhale nsalu yokhuthala osatsamwa, ndipo awiriwa anagula mosonkherana. Shopu yonse imadya pamakina amenewo. Enawo anali opalasa ndi mapazi, okalamba, oduladula ulusi nyengo ikangozizira. Wogulayo, bambo wina wogula ndi kugulitsa makina akale, sanachedwe n'kukambakamba. Anapereka ndalama, anakweza katundu wake pagalimoto, ulendo. Atelala anaika ndalamazo m'chikwama n'kudziuza kuti Injiniya akafika adzagula awiri atsopano.

Injiniyayo anali bwenzi lawo la pafoni. Anayamba ndi kuyamikira chithunzi cha diresi la ukwati limene atelala anaika patsamba la shopu la pa intaneti, ndipo pasanathe sabata anapempha kuti azicheza paokha, kumene anthu ena saona. Ankati amakonza mainjini a sitima zapamadzi kutali uko, mkazi anamwalira, mwana mmodzi ali kusukulu yogonera komweko. Pachithunzi anali bambo wadzitho, wa imvi pang'ono m'mbali, khosi ngati la ng'ombe yokoka ngolo. Atelala nawo anali ataika m'manda amuna awo zaka zingapo zapitazo, ana anakula n'kubalalika. Musawaseke. Munthu amene wakhala akutsekula chitseko cha nyumba yopanda wonena kuti mwabwerako, mawu okoma amamulowa ngati madzi pamchenga.

Ndiye bamboyo ankadziwa kufunsa. Bondo lija lagona bwanji? Kasitomala wovuta uja wabwera? Mwezi woyamba usanathe anali atayamba kale kuwatchula kuti mkazi wanga. Kwa miyezi yambiri sanapemphe kanthu, ndipo atelala ankagwira pomwepo: wakuba ndani angapirire chonchi?

Mng'ono wawo, amene anthu apamsewuwo amamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, sanamukonde Injiniya kuyambira tsiku loyamba. Ankasoka uku akufunsa. Bwanji munthu wodziwa mainjini a sitima akulephera kukonza kamera ya foni yake? Bwanji nthawi zonse akati aonane pavidiyo netiweki imadwala? Bwanji wanena kawiri konse kuti akubwera, kawiri konse n'kugwa ngozi? Atelala ankayankha kuti panyanja malamulo ndi ovuta. Wailesi ankati ee, ovutadi, amaletsa nkhope koma saletsa kulemba za chikondi tsiku lonse.

Pempho loyamba linali laling'ono. Mwana uja anadwala kusukulu, ndipo Injiniya anati banki yamutsekera ndalama zake popeza ali kunja. Atelala anatumiza mwakachetechete. Bamboyo anathokoza mpaka kulira, n'kuwapempha kuti asauze aliyense, chifukwa achibale ndi amene amapasula zinthu zabwino. Wailesi atazitulukira anasiya kusoka, anavula magalasi, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Achemwali, munthu amene simunamuonepo n'kamodzi komwe, wakupemphani ndalama, wakuuzaninso kuti mubise kwa ine. Inu simukuona?"

"Iwe uli ndi mwamuna kunyumba. Ukalowa amakufunsa kuti waswera bwanji. Zangazi zikukupweteka pati?"

Mawu amenewo anamulasa Wailesi. Kuyambira tsikulo ankangonena za mabatani ndi za lendi, ndipo shopu inakhala zii.

Atelala chikondi chawo chimatulukira m'manja. Mwana akabadwa pachibale amasoka, munthu akawachitira zabwino amasoka. Choncho Injiniya atanena kuti ulendo uno akubweradi, anagula nsalu yoyera yabwino kuti amusokere malaya odzavala pokaonekera kwa abale. Anamupempha miyezo: khosi, mapewa, chifuwa, mkono. Anatumiza msangamsanga, monga amayankhira chilichonse. Atelala anayala nsalu patebulo, anatenga choko, anayamba kulemba, kenako anaima. Khosi linali la kamnyamata ka sukulu. Chifuwa chinali cha chimunthu chosakwana pakhomo. Mkono unali waufupi kuposa wawo. Pa zaka zonse zimene akhala akuzunguliza tepi pamatupi a anthu, onenepa, owonda, opindika msana, sanakumanepo ndi thupi lotere.

Anamukhululukira okha. Amuna sadziwa kudziyeza, mwina wasokoneza mainchi ndi masentimita. Patapita masiku anafunsanso mwaulemu, ndipo kunabwera manambala ena, osagwirizana ndi oyamba aja ngakhale pamodzi. Ulendo uno khosi linakula, mapewa n'kufota. Bamboyo sanakumbuke n'komwe kuti anatumizapo kale miyezo. Atelala anapinda nsaluyo, anaiika pansi pa mulu wa mayunifolomu, n'kuleka kuiganizira. Kuleka kuganiza nayonso ndi ntchito, ndipo anaigwira mwakhama.

Kenako panabwera pempho lalikulu. Injiniya anati watsika sitima, ali pabwalo la ndege, koma akuluakulu a pamenepo amugwira chifukwa cha katundu wa mphatso amene wanyamula. Akapanda kulipira lero lomwe amutsekera, ndipo padziko lonse alibe wina koma mkazi wake. Mauthenga ankagwa motsatizana, lero, lero, lero, osawapatsa mpata wopuma. Ndi zimene zinawatumiza kwa wogula makina uja.

Tsopano anali pamzere pa kakauntala ka ejenti wotumiza ndalama, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo ometera. Nambala imene anapatsidwa sinali ya Injiniya. Inali ya m'dziko lino lomwe, ndipo ejenti ataiika m'foni mwake anawerenga mokweza dzina la mzimayi. Ulendo woyamba uja linali dzina la mwamuna wina. Ejentiyo, mayi wonenepa wotopa ndi dzuwa, anawayang'ana n'kufunsa ngati mwini nambalayo akumudziwa, chifukwa ndalama ikapita ndipo wina akaitapa, kubweza kulibe. Atelala anati adikire kaye. Anapatuka, anakakhala pasitepe ya sitolo ya mankhwala, chikwama atachikumbatira.

Analembera Injiniya kufunsa kuti mzimayiyu ndi ndani. Yankho linati ndi wothandizira wa pabwalo la ndege, asataye nthawi. Anayesa kuimba pavidiyo, foni inadulidwa. Anayesanso, inadulidwanso. Apo m'pamene nsalu yoyera ija inawabwerera m'mutu, ndipo anapempha chinthu chimene telala yekha ndi amene angapemphe. Ndalama zili m'manja, anatero, koma choyamba atenge chingwe chilichonse, ngakhale cha nsapato, achizungulize pakhosi pake, agwire ndi zala pamene chakumana, ajambule nkhope ndi khosi pamodzi. Sakufuna kuononga nsalu.

Panapita kanthawi. Kenako kunabwera chithunzi chakale chija, cha bambo wa imvi ataima pa sitima yapamadzi, akumwetulira. Atelala anati ayi, chingwe. Pamenepo mawu anasintha. Munthu amene kwa miyezi yonseyi sanawakalipirepo anawatcha mkazi wouma mtima, wosakhulupirira, wofuna kuti iye afere m'chitokosi chifukwa cha malaya. Anati mng'ono wawo uja ndiye wawadyetsa poizoni. Kenako anafewanso, anati pepani mkazi wanga, tumizani ngakhale theka. Kenako anatumizanso nambala.

Atelala anawerenga zonse mpaka pansi. Munthu amene ali ndi foni yolembera zonsezi ali ndi foni yojambulira khosi lake. Khosilo ndiye panalibe. Panali wina, kapena angapo osinthanasinthana, amene anatola chithunzi cha bambo wosadziwa kanthu n'kumalemba manambala ongopeka. Zinawapweteka koopsa, ngati tsiku lija adokotala anatuluka m'chipinda mmene munagona amuna awo n'kuvula magalasi. Anthu ankadutsa, wina anawaponda nsonga ya siketi n'kupepesa. Ejenti anawakodola kuti mzere watha, iwo anapukusa mutu.

Anathamangira kwa wogula makina, bondo likuwawa. Anapeza bamboyo akupukuta manja ndi kansanza. Anamvetsera bwinobwino, sanali munthu woipa, koma anati makinawo anali ndi mwini kale asanawanyamule n'komwe, ndipo anyamuka pa lole yopita kutali. Ena otere alipo, anatero, akuloza pakona, koma mtengo wake atautchula atelala anangotembenuka. Anagulitsa mothamanga, motchipa, ndipo onse awiri ankadziwa.

Atafika kushopu anapeza Wailesi wabwerako. Anali chiimire pamene pankakhala makina, jumbo ya ulusi idakali m'manja, akuyang'ana madontho a mafuta pasimenti ndi waya wolendewera pakhoma. Patebulo panali mulu wa mayunifolomu amene sukulu ikuwafuna sabata yomweyo. Atelala anatulutsa ndalama zonse n'kuziika patebulopo. Anati sanatumize. Anati theka ndi lake, ndipo ngati akufuna atenge zonse.

Wailesi sanazikhudze. "Achemwali, ndalamazi zisoka mayunifolomu?"

Atelala anadikira kuti mng'ono wawo anene kuti ndinkanena ine, chifukwa anali ndi ufulu wonse wonena. Sananene. Anaika jumbo pansi, anakokera makina opalasa aja pakati, anayamba kudonthezera mafuta. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Foni inalira m'chikwama, n'kuliranso. Dzanja la atelala linapita lokha, monga lakhala likuchitira miyezi yonseyi, ndipo analigwira ndi linzake. Anauza mng'ono wawo kuti akudziwa kuti munthuyo kulibe, sanakhalepo, koma mtima wawo ukumva ngati pachitika maliro, ndipo maliro ake ndi oti sangauze ana awo, sangauze aliyense, palibe adzabwere kudzakhala nawo. Anatulutsa foniyo n'kumupatsa.

"Mutsekere iweyo. Ine chala chikukana."

Wailesi anapukuta mafuta m'manja, analandira. Anajambula kaye mauthenga ndi manambala aja kuti akaonetse kupolisi ndi kukampani ya foni, ngakhale onse awiri sanayembekezere zambiri. Kenako anafunsa ngati afufute zonse.

"Za ndalamazo chita nazo zimene ukufuna," anatero atelala, atayang'ana kukhoma. "Koma zakumayambiriro zija, pamene ankafunsa za bondo langa, undisiyireko pang'ono."

Wailesi anawayang'ana nthawi yaitali. Anatseka nambalayo, sanafufute kanthu, anaika foni chafufumimba patebulo. Ndiyeno anatenga yunifolomu yoyamba pamulu n'kuwafunsa achemwali ake ngati bondolo lingathe kupalasa, kapena apalase iye.